Wokugulitsani katundu wakweza mtengo: mmene mungamufunsire chifukwa chake n'kumvana kuti atsitseko

Funso ili ndaliyankha mpaka pakamwa pauma. Munthu amaimba foni atapsa mtima kale: "Amene amandipatsa katundu wandilembera kuti mwezi wamawa mtengo ukwera. Ndimuuze chiyani? Ndikalankhula andithawa, ndikakhala chete mpamba utha." Ndiye lero ndangoti ndilembe kamodzi, wofunsa aliyense ndizingomupatsa pepalali.

Chimene ndikufuna mumvetse tisanayambe n'chakuti simukupita kukapempha chifundo, ndipo simukupita kukamenya nkhondo. Mukupita kukafunsa kuti mtengo watsopanowo waumbidwa bwanji. Amene amadziwa mmene mtengo waumbidwira ndiye amaona pamene pali pofewa. Kunenerera kwa pamsika, koti "chotsaniko pang'ono achimwene", kumagwira ntchito kwa munthu amene mukumana naye kamodzi. Kwa amene amakupatsani katundu mwezi ndi mwezi, amene ambiri timangomuti sapulaya, sikukwanira.

Ndigwiritsa ntchito nkhani yanga. Ndimapanga sopo, ndipo makatoni osindikizidwa oikamo sopoyo ndimagula ku fakitale ina, makatoni 2,000 pamwezi. Manambala ndawasalaza kuti masamu asatizunze, ndipo dzina la ndalama sinditchula, inu muikepo imene mumagwiritsa ntchito. Katoni imodzi inali 1,000. Kalata inabwera yoti idzakhala 1,180, "chifukwa cha kukwera kwa zipangizo". Basi, mzere umodzi.

1. Musavomere, musakane, koma musakhalenso chete

Tsiku limene mwalandira uthengawo mtima umakhala uli m'mwamba, ndipo chilichonse chimene mungalembe chidzamveka mkwiyo. Tumizani mawu awiri okha: "Kalata yanu ya mtengo watsopano ndalandira, zikomo pondidziwitsa msanga. Ndiloleni ndiione bwino, ndikuyankhani pofika Lachisanu." Tchulani tsiku, ndipo likafika muyankhedi.

Apa pali msampha umene ambiri amagweramo. Mukangopereka oda yatsopano osanena kanthu, kapena mukalipira invoisi ya mtengo watsopano, wogulitsa amatenga kuti mwavomera, ndipo sakulakwa. Kudzayamba kudandaula pambuyo pake n'kuyesa kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. Ngati katundu wakutherani moti simungadikire, odani pang'ono, ndipo pa odayo lembani kuti nkhani ya mtengo tikadakambirana.

2. Yalani mapepala anu patebulo

Tulutsani mainvoisi a chaka chathunthu. Invoisi ndi pepala lokuuzani zimene muyenera kulipira pa katundu amene mwapatsidwa. Kotesheni ndi ina: imeneyo imangokuuzani mtengo musanagule, ndipo kawirikawiri imakhala ndi tsiku limene mtengowo uthere mphamvu. Ngati munasainirana mgwirizano, uwerengeni mukufufuza zinthu ziwiri: kodi mtengo munaumanga kufikira liti, ndipo kodi wogulitsa amayenera kukuchenjezani kukadali masiku angati asanausinthe? Ndaonapo anthu akukangana mlungu wathunthu pa mtengo pamene pepala lawo lomwe likunena kuti sungasinthe mpaka chaka chithe.

Kenako werengani. Chotsani mtengo wakale pa watsopano, gawani ndi wakale, chulukitsani ndi 100. Kwa ine, 180 kugawa ndi 1,000 kuchulukitsa ndi 100, ndi 18 peresenti. Musaimire pamenepo. Pa katoni imodzi 180 imaoneka ngati kanthu kochepa, koma pa makatoni 2,000 ndi 360,000 pamwezi, 4,320,000 pachaka. Nambala ya pachakayi ndi imene ikuuzeni ngati nkhaniyi ndi yoyenera kuitayira masiku kapena yongoisiya ipite.

Onetsetsaninso kuti mukuyerekeza zinthu zofanana. Mtengo wakale unali ndi msonkho kapena wopanda? Watsopanowu nanga? Thiransipoti ilimo? Nthawi zina mtengo wa katundu sunasinthe, koma zimene kale amakubweretserani ulere tsopano akulipiritsa. Onaninso kuti anakweza komaliza liti. Munthu amene wakhala zaka 2 osakweza si wofanana ndi amene anakweza miyezi 4 yapitayi, ndipo kalankhulidwe kanu kwa awiriwa kasiyane.

3. Funsani mtengo kwina, mwakachetechete

Pemphani makotesheni awiri kwa ogulitsa ena, pa katundu wofanana ndendende: kukula komweko, kukhuthala komweko, kuchuluka komweko. Ngati onse akwera mofanana, ndiye kuti mnzanuyo sakunama, msika wonse wasuntha, ndipo mupite kukalankhula naye modzichepetsa. Ngati ena akadali pansi, mwapeza poyambira.

Koma muwerengerenso mtengo wosamuka. Kwa ine kusintha fakitale kumatanthauza kulipira chikombole chodulira makatoni ndi chidindo chosindikizira zatsopano, kudikira masabata angapo, ndiponso kulipira ndalama yonse katundu asanabwere, poti watsopano sakhulupirira munthu amene sakumudziwa. Kotesheni yotsika ndi 3 peresenti siyingabweze zimenezo. Dziwani izi mumtima mwanu kuti musadzaopseze ndi chinthu chimene simungachite.

4. Funsani munthu woyenera, m'mawu oyenera

Dalaivala wobweretsa katundu ndi kalaliki wolemba mainvoisi alibe mphamvu pa mtengo. Kuwadandaulira n'kungowavutitsa, ndipo mawu anu akakafika kwa bwana wawo adzakhala atasanduka ena. Funsani mwaulemu kuti amene amaona za mitengo ndani, ndipo mulembereni iyeyo. Yanga ndinailemba chonchi:

"Wokondedwa Bwana,

Ndikuthokoza chifukwa cha mmene takhala tikugwirira ntchito limodzi zaka 3 zapitazi. Makatoni anu sanandichititsepo manyazi, ndipo ndikufuna kupitiriza kugula kwa inu.

Ndalandira mtengo watsopano wa 1,180 pa katoni, kuchokera pa 1,000, komwe ndi kukwera ndi 18 peresenti. Ndikudziwa kuti zinthu zakwera kwa inunso. Koma kuti ndithe kukonza mitengo yanga ndi kufotokozera amene amagula kwa ine, ndikupempha mundithandize kumvetsa: ndi zinthu ziti zimene zakwera, chilichonse chakwera ndi zingati, ndipo chimatenga gawo lalikulu bwanji pa mtengo wa katoni imodzi?

Ngati n'kotheka, ndingakonde tikumane kapena tilankhulane pafoni sabata ino. Pakadali pano ndikupempha kuti maoda amene munalandira kale apite pa mtengo wakale."

Taonani zimene mulibe m'kalatayi. Mulibe mawu oti "mwadulitsa", mulibe "bwanji mukutidyera masuku pamutu", mulibenso kulira koti bizinesi yanga ikufa. "Chifukwa chiyani mwakweza?" limamveka ngati mlandu, ndipo munthu amayamba kudziteteza. "Ndithandizeni kumvetsa" limamuika pampando wa mphunzitsi, ndipo anthu ambiri mpando umenewo amaukonda. Onaninso kuti funsolo lili ndi miyendo itatu. Wachitatuwo, wa gawo limene chinthucho chimatenga, ndi umene ambiri amaiwala, chonsecho ndi umene wanyamula nkhani yonse.

5. Phwanyani mtengowo muone za m'kati mwake

Apa ndi povuta, ndipo apa ndi pamene malangizo ambiri amangodumpha n'kukuuzani kuti "kambiranani". Tikhalapo pang'ono.

Yankho limene ndinalandira linali lakuti pepala lakwera ndi 20 peresenti, mafuta a galimoto ndi 15 peresenti, malipiro a antchito ndi magetsi ndi 8 peresenti. Munthu ukamva 20 ndi 15, umaganiza kuti 18 ili pakatikati, ndiye n'zomveka. Inenso poyamba ndinatsala pang'ono kugwedeza mutu. Koma katoni si pepala lokhalokha. Pepala likakwera ndi 20 peresenti, chimene chakwera ndi gawo la pepala lokha, osati katoni yonse. Ngati pepala ndi theka la mtengo wa katoni, kukwera kwake kumakweza katoni ndi 10 peresenti basi.

Vuto n'lakuti wogulitsa sakonda kukuuzani magawowo, ndipo ali ndi ufulu wokana. Phindu lake ndi chinsinsi chake, monganso inu simungayalire kasitomala wanu mabuku anu. Choncho musapemphe mabuku. Pemphani chithunzi chabe: "Sindikufuna manambala a m'mabuku mwanu, achikulire. Mongoyerekeza, pepala limatenga theka la mtengo, kapena kupitirira?" Akakanabe, yerekezani nokha n'kuwapatsa kuti akukonzeni: "Ine ndimaganiza kuti pepala ndi 40 peresenti ya mtengo, ndalakwitsa?" Munthu wodziwa ntchito yake sapirira kumva nambala yolakwika. Wanga anayankha nthawi yomweyo kuti, "Ayi amayi, limafika theka." Nambala imene anakana kundipatsa nditaipempha, anandipatsa pondikonza.

Titacheza mphindi zingapo chithunzi cha katoni ya 1,000 chinaoneka chonchi: pepala 500, malipiro ndi magetsi 200, inki ndi guluu 100, thiransipoti 80, ndipo 120 yotsalayo ndi ya ofesi ndi phindu lawo. Wotsirizayu sanandiuze, ndinangochotsera.

Tsopano tengani gawo lililonse muchulukitse ndi mmene lakwerera. Pepala: 20 peresenti ya 500 ndi 100. Malipiro ndi magetsi: 8 peresenti ya 200 ndi 16. Thiransipoti: 15 peresenti ya 80 ndi 12, ndipo apa ndawakomera mtima, poti mafuta si mtengo wonse wa thiransipoti, mulinso dalaivala ndi matayala. Inki ndi guluu sanazitchule kuti zakwera, ndiye zikhala pomwepo. Zonse pamodzi ndi 128. Iwo apempha 180. Pali 52 imene palibe amene waifotokoza.

Musathamangire kunena kuti 52 imeneyi ndi kuba. Gawo lina lili ndi chifukwa chomveka. Wogulitsa amafuna kuti phindu lake likule limodzi ndi ndalama imene waika, poti tsopano akumangirira mpamba wochuluka pa katoni iliyonse. Kale amaika 880 n'kupeza 120 pamwamba. Akafuna kusunga mlingo womwewo pa 128 yowonjezerayo, awonjezera pafupifupi 17. Ndiye 145 angathe kuiteteza pamaso pa aliyense. Yotsalayo, 35, nthawi zambiri imakhala imodzi mwa zitatu izi: akuopa kuti pepala likweranso ndiye akudzitchinjiriza pasadakhale, akubweza zimene analuza pamene anachedwa kukweza, kapena anangoikapo dala malo onenerera podziwa kuti ena adzadandaula. Chachitatuchi chimachitika kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Kalata yokweza mtengo imapita kwa makasitomala onse ndi nambala imodzi, ndipo amene sanafunse amalipira yonse.

Mungadziwe bwanji kuti malo alipo? Mvetserani mayankho. Amene wakweza moona amatchula chinthu, tsiku ndi nambala mosajejema, nthawi zina amakuonetsani ngakhale kalata imene iyenso walandira kuchokera kwa omugulitsa pepala. Amene wangoikapo amabwerezabwereza kuti "zinthu zonse zakwera" ndipo mukafunsa kachiwiri amasintha chifukwa. Chizindikiro china ndi ichi: ngati katundu wosiyanasiyana, wopangidwa ndi zipangizo zosiyana, yense wakwera ndi peresenti imodzimodzi, dziwani kuti nambalayo yachokera mu ofesi, siinachokere m'fakitale.

Chimodzimodzi akakuuzani kuti ndalama yakunja yadula. Funsani kuti ndi gawo liti la katunduyo limene amagula kunja. Malipiro a antchito ndi lendi salipira ndi ndalama yakunja.

Ndipo ndinene mosabisa: nthawi zina masamuwa amatuluka mokomera wogulitsa. Ndinawerengapo za wondigulitsa zotsekera mabotolo n'kupeza kuti anayenera kukweza kuposa mmene anakwezera. Ndinathokoza, n'kulipira, osatsegulanso pakamwa.

6. Musanakumane, lembani manambala atatu ndi zimene mungapereke

Yoyamba ndi imene mudzatchule poyamba, yachiwiri ndi imene mukufunadi, yachitatu ndi malire amene mukapitirira, bola kusamuka. Zanga zinali 1,110, 1,135 ndi 1,150. Yoyambayo ili pansi pa 1,128 imene ndinawerengera, ndipo sindikanaitchula chimanjamanja. Ndinaitchula chifukwa ndinali ndi zopereka zochepetsa ndalama zimene iwo amawononga pa ine.

Pamenepa ganizani ngati wogulitsa. Chimamupweteka n'chiyani? Ndalama yochedwa, maulendo ambiri a galimoto, maoda adzidzidzi, ndi kukonza makina pafupipafupi chifukwa cha maoda ang'onoang'ono. Ine ndinkalipira pakatha masiku 30, ndipo ankandibweretsera kawiri pamwezi, makatoni 1,000 ulendo uliwonse. Ndinaona kuti ndingathe kulipira pa masiku 14, n'kulandira onse 2,000 ulendo umodzi. Ulendo umodzi m'malo mwa awiri ukuchepetsa ndalama zimene amawononga pa thiransipoti, ndipo makina osindikizira akuwakonza kamodzi.

Chenjerani, chopereka chilichonse chili ndi mtengo wake kwa inu. Kulipira msanga kukutanthauza kuti ndalama yanu ikuchoka masiku 16 isanakwane nthawi yake. Makatoni 2,000 amafuna malo ouma, ndipo akanyowa aluza ndinu. Musalonjeze kugula zochuluka kuposa zimene mumagulitsa pofuna kutsitsa mtengo. Ndikudziwa wina amene anapambana 4 peresenti n'kukhala ndi katundu wa miyezi 8 akudyedwa ndi chinyezi.

7. Pokambirana penipeni

Nkhani ya mtengo imayenda bwino pamaso kapena pafoni kusiyana ndi pa mauthenga olemba, poti mawu olembedwa alibe nkhope ndipo amamveka aukali ngakhale musanakalipe. Yambani ndi moni wokwanira, musathamangire manambala ngati mwabwera kudzalanda ngongole. Kenako vomerani zimene zili zoona musanatsutse zimene sizikumveka. Ife zinayenda chonchi:

"Achikulire, za pepala ndamva ndipo sindikutsutsa. Ndawerengera zimene munandiuza, pepala, malipiro, magetsi ndi mafuta, ndipo ndikupeza 128 pa katoni. Mwina pali chimene ndasiya. Ndithandizeni, 52 inayo ikuchokera pati?"

Anakhala kaye chete. Inenso ndinakhala chete, ndipo apa ndi pamene ambiri timaonongera. Chete amatiwotcha, ndiye timayamba kudzaza mpatawo ndi mawu monga "komabe ngati n'zosatheka palibe vuto". Mukatero mwadzitsitsa nokha iye asanayankhe. Mwafunsa funso, lisiyeni ligwire ntchito.

"Amayi, kunena zoona, otigulitsa pepala atiuza kuti likhoza kukweranso miyezi ikubwerayi. Sitikufuna kumakulemberani kalata mwezi uliwonse."

"Ndamva, ndipo n'zomveka. Koma ndiye kuti ndiyamba lero kulipira kukwera kumene sikunachitike. Bwanji tichite chonchi: ine ndizilipira pa masiku 14 m'malo mwa 30, ndipo muzibweretsa kamodzi pamwezi. Inu mundipatse 1,110. Pepala likadzakweradi, mudzandionetse, tidzakhalenso pansi."

Mawu akuti "ine ndichita ichi, inu muchite icho" asalekane. Mukayamba mwapereka kulipira msanga n'kudzapempha kutsitsa pambuyo, mphatso yanu alandira kale ndipo alibe chifukwa chobwezera.

Anati 1,110 sangathe, atsike pa 1,160. Sindinathamangire kugawa pakati, poti pakati pa nambala yofotokozeka ndi yosafotokozeka si pachilungamo. Ndinabwerera ku masamu: 145 ndiyo yokwera kwambiri imene manambala awo omwe akuloleza, ndipo ulendo umodzi wa galimoto ndawachotsera. Tinamaliza pa 1,120 kwa miyezi 3 yoyamba, kenako 1,140 kwa miyezi 9 yotsatira. Pachaka ndikulipira 3,240,000 yowonjezera m'malo mwa 4,320,000. Kusiyana kwake ndi 1,080,000, pa kalata imodzi ndi kucheza kosakwana ola. Nambala yanga yachiwiri sindinaipeze ndendende pa miyezi 9 ija, koma mukaphatikiza chaka chonse, katoni ikugwera pa 1,135.

Za makotesheni a kwina aja, atchuleni pokhapokha akufunika, ndipo mofatsa: "Ndafunsako kwina kuti ndidziwe mmene msika ulili, ndipo ndapeza mitengo yotsikirapo. Koma ine ndikufuna kukhala ndi inu." Musatchule dzina la winayo ndipo musaonetse pepala lake. Amene mukumuonetsayo adzadziwa kuti tsiku lina pepala lakenso mudzalionetsa kwa ena. Koposa zonse musapeke kotesheni imene kulibe. Ogulitsa katundu wofanana amadziwana mitengo, ndipo akangoti "pitani mukagule kumeneko", mudzasowa kolowera.

8. Akati mtengo sungasunthe

Zimachitika, makamaka ngati ndinu kasitomala wamng'ono kapena wogulitsayo ali yekha pa katunduyo. Nthawi zina amene mukulankhula naye analetsedwa kukhudza nambala ya pa mndandanda wa mitengo, koma ali ndi ufulu pa zina. Ndiye siyani nambalayo, funsani zozungulira. Pemphani kuti mtengo watsopano uyambe pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, kuti nanunso muchenjeze makasitomala anu. Pemphani oda imodzi yomaliza pa mtengo wakale, poti katundu amene ali m'nyumba yawo yosungiramo anapangidwa ndi pepala la mtengo wakale. Pemphani masiku owonjezera olipirira, kapena kuti thiransipoti ikhale yawo.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi iyi: ngati chifukwa chake ndi chinthu chimene chimakwera n'kutsika, monga mafuta, pemphani kuti chowonjezeracho chilembedwe pamzere wakewake pa invoisi, osasakaniza ndi mtengo wa katundu. Ndalama imene yalowa m'kati mwa mtengo siitulukanso, ngakhale mafuta atatsika. Imene ili pamzere wake imaoneka mwezi uliwonse, ndipo mungathe kuiloza n'kufunsa kuti ichoka liti.

Mungathenso kufunsa ngati pali chosintha pa katunduyo chimene chingatsitse mtengo osaononga ntchito yake, monga kusindikiza mitundu iwiri ya inki m'malo mwa itatu. Koma chisankhocho chikhale chanu ndipo muone chitsanzo kaye.

Zonse zikakanika, thokozani, nenani kuti mukaganiza, ndipo mutuluke mwaulemu. Ngati mwaganiza zosamuka, yambani ndi gawo laling'ono la oda kwa watsopanoyo. Musatseke chitseko ndi phazi, poti watsopanoyo akakukhumudwitsani mudzagogoda pomwepo.

9. Lembani zimene mwagwirizana, kenako yang'anani katundu woyamba

Tsiku lomwelo, musanagone, tumizani uthenga: "Zikomo chifukwa cha nthawi yanu lero. Mmene ndamvera, tagwirizana 1,120 pa katoni kwa miyezi 3 kuyambira pa 1 mwezi wamawa, kenako 1,140 kwa miyezi 9. Ine ndizilipira pa masiku 14, ndipo makatoni 2,000 azibwera ulendo umodzi pamwezi. Kukula ndi kukhuthala kwa katoni sikusintha. Mtengo ukafuna kusinthanso mudzandidziwitsa kukadali masiku 30. Ngati ndalakwitsa pena mundikonze, ngati zili bwino mungondiyankha kuti zili bwino." Pemphaninso kotesheni yatsopano yokhala ndi manambalawa, chifukwa amene amalemba mainvoisi si amene munakambirana naye. Invoisi yanga yoyamba inabwera ndi 1,180. Sikunali kuchenjera, kalaliki sanauzidwe. Ndinatumiza uthenga uja ndipo anaikonza tsiku lomwelo.

Mzere wa kukhuthalawo sindinauike mwangozi. Kalekale, kwa wogulitsa wina, ndinapambana mtengo n'kubwerera ndikuvina, koma makatoni otsatira anabwera a pepala lopyapyala. Poyang'ana sankasiyana, koma atasanjikizidwa asanu a pansi anaphwanyika, sopo n'kubwezedwa. Chichokereni pamenepo ndimasunga makatoni 10 a oda yakale, ndipo oda yoyamba ya mtengo watsopano ikafika ndimaika 10 akale pasikelo, kenako 10 atsopano, dalaivala asananyamuke. Akasiyana kulemera, ndimalemba zimenezo pa pepala lolandirira katundu ndisanasaine. Ndipo tsiku la 14 likafika ndalama yawo imakhala italowa kale, poti chaka chamawa kalata ina idzabwera, ndipo chinthu choyamba chimene bwana uja adzatsegule ndisanakhale n'komwe pampando ndi buku loonetsa mmene ndakhala ndikulipirira.